Ndalama ya khungu ikachepa, iyambe kupita pati?

Kalata zingapo zomwe zafika patsamba lino masabata apitawa zikudandaula chinthu chimodzi: zodzola zakwera mtengo. Chiyambireni pomwe ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo lililonse lochokera kunja lakhala likusintha mtengo ngati tomato wa m'dzinja. Pakati pa kalatazo pali ya mchemwali wina wa zaka 24 yemwe amagulitsa zovala pakhonde la sitolo. Akuti ali ndi ziphuphu pamasaya ndi pachipumi, ndipo chiphuphu chilichonse chikapola chimasiya dontho lakuda. Ndalama yomwe angapatule ndi K30,000 pa miyezi itatu. Pafoni adaona anthu akudzola zinthu zisanu ndi ziwiri motsatizana, m'mawa ndi madzulo, ndiye akufunsa kuti pa zonsezo ayambe kugula chiti.

Vuto la mchemwaliyu ndi la ambiri, amuna ndi akazi omwe, choncho tiligwiritse ntchito ngati chitsanzo. Musanagule chilichonse, chifunseni mafunso awiri. Kodi chikhala pakhungu nthawi yaitali bwanji? Nanga pali chinthu chotchipa chomwe chingagwire ntchito yomweyo? Chinthu chomwe mudzole n'kutsuka pakangotha theka la mphindi sichiyenera kudya ndalama zambiri. Chinthu chomwe ntchito yake ingagwiridwe ndi mafuta a pa okala sichiyeneranso kutero. Ndalama yaikulu ipite pa zinthu zomwe zimakhala pakhungu maola ambiri komanso zilibe mlowam'malo wotchipa. Kwa munthu wa ziphuphu ndi madontho akuda, zinthu zotere zilipo ziwiri zokha: mankhwala a ziphuphu ndi chitetezo cha kudzuwa.

Tiyambe ndi sopo, chifukwa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Ntchito ya sopo ndi kuchotsa thukuta, fumbi ndi mafuta a dzulo, basi. Ngakhale papepala lake alembe kuti muli mavitamini, mapapaya kapena uchi, zonsezo zimapita ndi madzi zisanalowe n'komwe m'khungu. Choncho sopo wa nkhope akhale wotchipa. Koma kutchipa sikutanthauza kuti aliyense ndi woyenera. Khungu la munthu lili ndi kaasidi pang'ono pamwamba pake, komwe kamaliteteza ku tizilombo ndi kuuma. Pa muyeso wa asidi womwe umayambira pa 0 kufika pa 14, khungu limakhala chapafupi ndi 5, pomwe sopo wamba wosambira amakhala pa 9 kapena 10. Sopo wochapira zovala ndiye wankhanza koposa, poti adapangidwa kuti asungunule mafuta a pakolala ya malaya. Ukamuika pankhope amachotsanso mafuta omwe khungu limafuna.

Mutha kumuyesa nokha sopo wanu popanda kulipira aliyense. Sambani kunkhope, pukutani, ndipo musadzole kanthu kwa mphindi 10. Ngati nkhope ikukokana mukamwetulira, kapena yatuwa kuti mbuu, sopoyo wakula mphamvu. Sakani wosanunkhira kwambiri komanso wopanda utoto wowala. Sopo wa ana akhanda nthawi zambiri amakwanira. Sopo uja amati wopha majeremusi sachiza ziphuphu, ndipo ambiri amangoumitsa nkhope. Kusamba kukhale kawiri patsiku, ndi manja okha, m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Chinkhupule chisiyireni msana ndi miyendo. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ziphuphu ndi litsiro, ndiye amakwecha nkhope mpaka kuwawa. Chiphuphu chimayambira m'kati mwa kabowo ka tsitsi komwe katsekeka ndi mafuta ndi khungu lakufa, kumene chinkhupule sichifika. Kukwechako kumangotupitsa khungu, ndipo khungu lakuda likatupa limayankha popanga utoto wambiri. Dontho lakuda limabadwa choncho.

Chachiwiri chomwe chiyenera kukhala chotchipa ndi mafuta ofewetsa khungu. Apa tili ndi mwayi, chifukwa zinthu ziwiri zomwe zimagwira ntchitoyi bwino kwambiri zimapezeka m'golosale iliyonse. Choyamba ndi vaselini, yemwe wakhala akugulitsidwa kuyambira zaka za m'ma 1870. Iye sabweretsa madzi m'khungu, koma amatseka pamwamba kuti madzi omwe alimo kale asauluke, ndipo pantchito imeneyi palibe mafuta odula omwe amamuposa. N'chifukwa chake nthawi yomudzola ndi yofunika kuposa kuchuluka kwake. Mukadzola pakhungu louma kale, mumangonyezimira koma kutuwa kuli pansi. Mukadzola mutangotuluka kubafa thupi likadali lachinyezi, pang'ono pokha pamakwanira tsiku lonse, ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe mphepo imang'amba milomo. Ming'alu ya kuzidendene nayo imamva vaselini: viikani mapazi m'madzi ofunda, pakani wochuluka, valani masokosi n'kugona.

Chinacho ndi gilisalini, yemwe ntchito yake ndi kukoka madzi n'kuwasunga pamwamba pa khungu. Mafuta ambiri odula mukawerenga zomwe adaikamo mupeza kuti pambuyo pa madzi, chotsatira kapena chachitatu ndi gilisalini yemweyu. Payekha amamata ndipo ena amawaotcha, choncho amafuna kumusungunula. Nyowetsani chikhatho, dontheza madontho awiri, tikitani manja ndi kupaka kunkhope. Musasakanize botolo lathunthu ndi madzi kuti musunge, chifukwa madzi osakanizawo amaswa tizilombo pakapita masiku. Kwa mchemwali wathu wa ziphuphu, gilisalini wotereyu, kapena loshoni wopepuka wosanunkhira, ndiye wa nkhope. Vaselini amusungire thupi, milomo ndi mapazi, chifukwa mafuta olemera pankhope ya ziphuphu, makamaka kukatentha, amatha kuonjezera vuto. Ayang'anenso mafuta a m'mutu. Tiziphuphu tambirimbiri ta pachipumi, m'mphepete mwa tsitsi, kawirikawiri timachokera ku mafuta a tsitsi omwe amatsika ndi thukuta kapena kupakika papilo.

Sopo ndi mafuta ofewetsa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama yonse. Pa K30,000 ija ndiye kuti K6,000, ndipo ngati m'nyumba muli kale vaselini wa banja lonse, ndalamayo itsalako.

Tsopano tifike pomwe ndalama iyenera kupita. Malo oyamba ndi kufamase, osati pashelefu ya zodzola. Mankhwala a ziphuphu omwe ndi odziwika kwa zaka zambiri komanso otsika mtengo poyerekeza ndi ena ndi benzoyilo perokisaidi. Mukatchula choncho kwa wogulitsa mankhwala akumvani. Amapha tizilombo tomwe timatupitsa chiphuphu, ndipo amathandiza kutsegula timabowo totsekeka tija. Ubwino wake wina ndi woti tizilomboto sitimuzolowera monga timachitira ndi maantibayotiki. Amabwera m'mphamvu zitatu: 2.5, 5 ndi 10 peresenti. Anthufe timakonda nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo yochiza msanga, koma pa mankhwala awa wa 2.5 kapena 5 peresenti amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10, pomwe wa 10 amaotcha ndi kusenda khungu kwambiri. Pakhungu lakuda kupsa kumeneko n'komwe kumasiya madontho ena atsopano. Gulani wofookayo.

Kadzoledwe kake n'kofunika ngati mankhwalawo. Madzulo, sambani, dikirani nkhope iume bwinobwino, kenaka finyani mankhwala ofanana ndi njere imodzi ya nandolo. Njere imodziyo ikwanire malo onse omwe ziphuphu zimakonda kutuluka, osati kungodontheza pa chiphuphu chomwe chatuluka kale. Cholinga ndi kuletsa za mawa, chifukwa chiphuphu chomwe mukuchiona lero chidayamba kupangika masabata apitawo. Pewani zikope, milomo ndi m'mbali mwa mphuno. Sabata ziwiri zoyamba dzolani usiku umodzi n'kudumpha umodzi. Khungu likazolowera, pitani usiku uliwonse. Kuuma pang'ono ndi kusenda pang'ono n'zoyembekezeka, ndipo madontho a gilisalini aja amathandiza. Koma mukaona nkhope yatupa, ikuyabwa kwambiri kapena yatuluka matuza, siyani pomwepo, thupi lanu silikugwirizana nawo. Dziwaninso kuti mankhwalawa amasukulutsa nsalu, choncho gonerani pilo wovekedwa nsalu yoyera kapena yakale, ndipo sambani m'manja musanagwire chitenje chanu chabwino. Chubu chisungidwe pamalo pozizira, osati pawindo.

Mukatsata muyeso wa njere ya nandolo, chubu cha magalamu 30 chimatha miyezi iwiri kapena kuposerapo. Apa mpomwe kuwerengera kwabwino kumasiyana ndi kuona mtengo pashelefu. Kachubuko kamaoneka kodula poyerekeza ndi kukula kwake, koma mukagawa mtengo wake ndi masiku 60, mupeza kuti patsiku n'kandalama kochepa. Mchemwali wathu apatule K9,000 ya mankhwalawa. Ngati mtengo wa kufamase wapitirira apo, atape m'magawo enawo, chifukwa pa zonse zomwe agule, ichi ndiye choyamba. Chifukwa chake n'chosavuta. Dontho lakuda limodzi limatha kutenga miyezi 6 mpaka 12 kuti lizimiririke lokha. Ngati ziphuphu zatsopano zikutulukabe sabata iliyonse, madontho atsopano akubadwa mofulumira kuposa momwe akale akufera. Kugula mafuta ochotsa madontho ziphuphu zisanaleke kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Malo achiwiri oyenera ndalama ndi chitetezo cha kudzuwa. Ndikudziwa kuti ena aseka, ati munthu wakuda saopa dzuwa. N'zoona kuti utoto wa khungu lathu umatiteteza kwambiri ku kupsa ndi dzuwa. Koma nkhani ya mchemwaliyu si kupsa, ndi madontho. Timaselo topanga utoto tomwe tili pamalo pomwe padali chiphuphu timakhala tatekeseka kale, ndipo dzuwa likatiwomba timapanga utoto wochuluka kuposa khungu loyandikana nalo. Ndiye dontho lomwe likadafufuma limadanso. Munthu wogulitsa pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makamaka mu Okutobala, amabwezera madontho ake mwakale tsiku lililonse osadziwa.

Mafuta oteteza kudzuwa amakhala ndi nambala yolembedwa pambuyo pa zilembo za SPF. Nambala 30 ndi yokwanira. Imatsekereza pafupifupi 97 peresenti ya cheza chootcha, pomwe 50 imatsekereza pafupifupi 98. Kusiyana kwa peresenti imodziko sikuyenera kukulipitsani kawiri. Onani kuti palembedwenso UVA, chifukwa cheza chimenecho ndicho chimadetsa kwambiri madontho ndipo chimadutsa ngakhale m'mitambo. Vuto lalikulu ndi muyeso. Nkhope imafuna pafupifupi kota ya supuni yaing'ono ya tiyi, kapena kuti mizere iwiri yofinyidwa m'litali mwa zala ziwiri. Wogula botolo lodula amachita nalo mantha, n'kumapaka kadontho kokha kuti lichedwe kutha, ndiye SPF 50 wake amagwira ntchito ngati nambala yaing'ono kwambiri. Botolo lotchipa lomwe mukudzola mosaumira limaposa lodula lomwe mukuliopa.

Tiwerengere. Kota ya supuni ndi mamililita 1.25, choncho kabotolo ka mamililita 50 kamatha m'masiku 40 mukamadzola kamodzi patsiku. Tingoyerekeza kuti kabotoloko, kolembedwa kuti n'ka nkhope, kali pa K15,000, ndipo botolo lalikulu la thupi lonse la mamililita 200 lili pa K30,000. Kakang'onoko mililita imodzi ikugula K300, pomwe lalikululo ikugula K150, ndipo lidzatha masiku 160. Chitetezo cha SPF 30 n'chimodzimodzi kaya palembedwa nkhope kaya thupi. Kusiyana kumakhala pa kupepuka kwake. Mchemwali wathu watsala ndi K15,000, ndiye njira yanzeru ndi kusonkherana ndi mnzake kapena mng'ono wake n'kugula lalikululo. Asanalipire apake pang'ono pankhongo ya dzanja ngati sitolo ili ndi loyesera, chifukwa mitundu ina imasiya nkhope yakuda itayera ngati yapakidwa phulusa, ndipo botolo lotero limathera m'kabati. Aonenso tsiku lotha mphamvu, ndipo asagule lomwe lakhala padzuwa pabenchi ya malonda.

Nanga ndalama ikapanda kukwana n'komwe? Chipewa cha mlomo waukulu chozungulira mutu wonse, cha pa kaunjika kapena choluka ndi mlaza, chimagulidwa kamodzi n'kugwira ntchito zaka. Kapusi imaphimba chipumi chokha, masaya amatsala pamtetete. Ambulera nayo si ya mvula yokha. Kungosuntha mpando kuti nkhope isayang'ane dzuwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana kumachita zambiri osalipira tambala. Wokhala panja tsiku lonse ayenera kudzolanso mafutawa masana chifukwa thukuta limawachotsa, ndipo chipewa chimathandiza kuti botolo lisathe msanga. Abale athu achialubino okha ndiwo nkhani yawo ndi yosiyana kotheratu. Kwa iwo mafuta a dzuwa, chipewa ndi zovala za manja aatali ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu, ndipo ayenera kukafunsa mafutawa kuchipatala cha boma chomwe ali nacho pafupi.

Mwaona kuti K30,000 yatha pa zinthu zinayi. Nanga zina zija za pafoni? Tona adatchuka kale pofuna kuchotsa zotsalira za sopo wankhanza, ndipo ambiri otchipa ali ndi sipiriti yemwe amaumitsa nkhope. Sikirabu, kaya wogula kaya wa shuga wopanga nokha, ndi chinkhupule cha m'botolo. Masiki a nkhope amasangalatsa tsiku la Sabata koma saletsa chiphuphu. Mafuta apadera a m'munsi mwa maso kawirikawiri ndi mafuta ofewetsa omwe aikidwa m'kabotolo kakang'ono. Seramu wa vitamini C amaonongeka msanga ndi kutentha ndi kuwala, ndipo mukaona wasanduka wofiirira dziwani kuti mphamvu yatha. Zonsezi zidikire. Ngati patatha miyezi itatu ziphuphu zaleka ndipo m'thumba mwatsala kanthu, chinthu chachisanu choyenera kuganizira ndi chimodzi chothandiza madontho, monga azelayiki asidi kapena niyasinamaidi.

Palinso zaulere zomwe zimadula pambuyo pake. Madzi a mandimu pankhope, munthu n'kutuluka padzuwa, amatha kuotcha khungu n'kusiya chigamba chakuda choposa chomwe mumafuna kuchotsa. Mankhwala otsukira mano, soda ndi adyo wosinja nazonso zimaotcha. Kufinya ziphuphu ndi zikhadabo kumakankhira mafinya m'kati, ndipo m'malo mwa dontho lotha pa miyezi mumapeza chipsera chokumbika chomwe palibe mafuta angachidzaze.

Koma msampha waukulu kwa munthu wa ndalama zochepa ndi mafuta oyeretsa khungu. Ndi otchipa, amapezeka pamsika uliwonse, ndipo sabata ziwiri zoyamba amachitadi zodabwitsa. Madontho amafufuma, ziphuphu zimaphwa, anthu amayamba kufunsa kuti mukudzola chiyani. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri mwa mafutawa ali ndi chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zonse pamodzi.

Choyamba ndi masiteroidi amphamvu monga kulobetasolo ndi betametasoni. Awa ndi mankhwala enieni omwe dokotala amalembera matenda ena a khungu kwa masabata ochepa, ndipo kawirikawiri sawalola pankhope. Amabwera m'timachubu ting'onoting'ono tokhala ndi nambala ngati 0.05 peresenti. Mukawadzola miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, mizere yong'ambika imatuluka m'manja ndi m'ntchafu, tsitsi limamera pamasaya, zipere zimafalikira, ndipo pamatuluka tiziphuphu tambiri tofanana kukula. Mukasiya, nkhope imayabwa ndi kufiira, ndiye mumabwerera kukagula china. Malonda ake amayenda choncho. Wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali amatha kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, poti mankhwalawa amalowa m'thupi.

Chachiwiri ndi haidurokwinoni. Madokotala a ku South Africa adalemba kale mu 1975 za amayi omwe atadzola mankhwalawa kwa zaka, masaya awo adada bii mobiriwira ndi kuchita nthudza. Kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchiza, ndipo dzikolo lidaletsa haidurokwinoni m'zodzola wamba mu 1990. Chachitatu ndi mekyule, yemwe amapezeka m'mafuta ndi sopo wina woyeretsa. Amaononga impso ndi mitsempha, amafika kwa mwana wosabadwa, ndipo amatsalira pa matawulo ndi zofunda zomwe banja lonse likugwiritsa ntchito. Mgwirizano wa maiko wa Minamata wa mu 2013 udaika zodzola za mekyule pa mndandanda wa zinthu zoyenera kuthetsedwa.

Kuzindikira mafuta otere sikufuna sukulu. Ngati akulonjeza kusintha khungu m'masiku 7, ngati alibe mndandanda wa zomwe adaikamo, kapena ngati ndi osakaniza ndi munthu kunyumba n'kuthira m'botolo lopanda dzina, asiyeni ngakhale wogulitsa akhale mnzanu wa kutchalitchi. Mankhwala enieni gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Ndipo kwa inu amene mwakhala mukudzola siteroidi miyezi yambiri, sindikukuweruzani, ambiri adayamba pofuna kuchotsa madontho ngati a mchemwali wathuyu. Koma musangosiya mwadzidzidzi panokha, makamaka ngati mumadzola thupi lonse. Tengani chubucho mupite nacho kuchipatala, akuthandizeni kutsitsa pang'onopang'ono.

Funso lotsala ndi loti mudziwa bwanji kuti ndalama yanu ikugwira ntchito. Galasi silithandiza, chifukwa mumadziona tsiku lililonse. Dzijambuleni ndi foni tsiku loyamba, pafupi ndi windo, m'mawa, osadzola kanthu. Bwerezani pamalo omwewo pakatha sabata 4, 8 ndi 12. Powerenga, werengani ziphuphu zatsopano, osati madontho. Pa sabata yachinayi mwina simuona kusintha, ndipo apa mpomwe ambiri amataya mtima n'kukagula china, chubu choyamba chisanafike pakati. Kusintha kumayamba kuoneka pakati pa sabata 6 ndi 8, ndipo chigamulo chenicheni chimakhala pa sabata 12. Madontho ndiwo amatsalira m'mbuyo, amafufuma pang'onopang'ono miyezi yotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayambenso zinthu ziwiri zatsopano sabata imodzi, chifukwa nkhope ikapsa simudziwa cholakwa, ndiye mutaya zonse ziwiri.

Ndondomeko ya tsiku ikhale yaifupi chonchi. M'mawa sopo wofatsa, madontho a gilisalini, mafuta a dzuwa ndi chipewa. Madzulo sopo, njere ya mankhwala, ndipo nkhope ikauma muonjezere gilisalini. Nsalu ya pilo ndi duku zichapidwe sabata iliyonse. Amene alibe ziphuphu kapena madontho, vuto lake n'kutuwa kokha, safunika ngakhale mankhwalawo. Sopo wofatsa ndi vaselini pathupi lonyowa zamukwanira, ndalama yotsalayo agule ndiwo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ziphuphu zikuluzikulu zolimba, zopweteka, zokhala m'kati mwa khungu komanso zosiya maenje sizimva benzoyilo perokisaidi yekha, ndipo mwezi uliwonse wochedwa ndi chipsera china. Chimodzimodzi ngati sabata 12 zatha popanda kusintha, kapena ngati ziphuphu zikubwera limodzi ndi kusokonekera kwa msambo ndi ndevu kwa mayi. Zigamba zozungulira zoyabwa, zotuwa kapena zosenda mwina ndi zipere kapena matenda ena, osati nkhani ya zodzola. Pamenepo ndalama yabwino ndi ya minibasi yopita kuchipatala. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo njira yake imayambira kuchipatala chaching'ono cha kwanuko. Amayi oyembekezera, kapena omwe akufuna kutenga pathupi, anene zimenezi asanagule mankhwala aliwonse a ziphuphu, chifukwa ena amphamvu monga tiretinoini ndi adapalini saloledwa panthawiyo.

Sabata ya mawa tikambirana za abambo omwe amatuluka tiziphuphu m'khosi akameta ndevu, komanso ngati vuto lili pa lezala kapena pa kametedwe. Pitirizani kulemba.